Kusainira m'bale ngongole n'kukongola ndalama zomwe simudzazigwira

Mu Blantyre muno anthu ambiri amakhulupirirabe kuti banki imakongoza munthu amene ali ndi katundu. Mukamvetsera anthu akukambirana za ngongole mu msika wa Limbe kapena pa Ginnery Corner, funso lawo limakhala limodzi: "Uli ndi chikole chanji?" Amene ali ndi galimoto amadziona ngati wadutsa kale. Amene alibe amathamangira kwa m'bale wa pantchito kuti akamusainire. Koma wokongoza ndalama sayambira pamenepo. Amayamba wafunsa ngati munthuyu amabweza akakongola, kenaka ngati zomwe amapeza pamwezi zingakwanire kubweza ngongole yatsopanoyi. Chikole ndi wosainira zimabwera pambuyo, ngati pothawira zinthu zikadzavuta. Ndipo mwa anthu onse amene maina awo amalembedwa pa fomu ya ngongole, amene amapwetekeka kwambiri chifukwa chosadziwa zimenezi ndi wosainira, munthu amene sagwirako ngakhale tambala.

Kale munthu ankatha kusiya ngongole kubanki ina pa Victoria Avenue, n'kungowoloka msewu kukakongola kubanki ina popanda wodziwa. Lamulo la 2010 lokhudza mabungwe osunga mbiri ya ngongole, lomwe linakonzedwanso mu 2016, linabwera kudzatseka mpata umenewo. Mabungwewa, omwe anthu amangowatchula kuti CRB, amapatsidwa chilolezo ndi Banki Yaikulu ya dziko lino, ndipo odziwika ndi Credit Data ndi TransUnion. Iwo sakongoza ndalama ndipo savomereza kapena kukana ngongole ya munthu. Ntchito yawo ndi kulandira zomwe mabanki ndi mabungwe ena okongoza ndalama atumiza, kuzisunga pa dzina la munthu, n'kuzipereka kwa wokongoza wina akafunsa. Kuyambira pamene anthu analembetsa zitupa za unzika mu 2017, kuzemba kunavuta kwambiri. Ma Banda ndi ma Phiri alipo ambiri, koma nambala ya chitupa aliyense ali ndi yakeyake.

Anthu amakonda kunena kuti "anandiika pa bulakilisiti", ngati kuti pali buku limodzi la anthu oipa. Lipoti lenileni silikhala choncho. Mumakhala ngongole zomwe munatenga, kumene munazitenga, kuchuluka kwake, zomwe zatsala, ndiponso masiku amene munachedwa kubweza. Zabwino zimalembedwa, zoipa zimalembedwanso. Wogwira ntchito ya ngongole kubanki akatsegula lipotilo, diso lake limathamangira pa masiku ochedwa aja. Kuchedwa kwa sabata imodzi kamodzi pa chaka sikumudetsa nkhawa kwenikweni. Kuchedwa mwezi ndi mwezi kumamuuza kuti ndalama za munthuyu zimayenda movutikira. Koma malire enieni ndi masiku 90. Ngongole ikadutsa masiku 90 osalipidwa, banki imayenera kuiika m'gulu la ngongole zomwe zasiya kuyenda bwino, n'kupatula ndalama zake zomwe kuti zikhale zokwirira dzenjelo. Apa ndiye kuti munthuyo waluzitsa banki, ndipo banki ina ikaona zimenezo imadziwa chomwe chinachitikira inzake.

Tiyerekeze ndi mayi wina wa shopu ya zitsulo ndi penti ku Limbe. Ziwerengero zomwe nditchule n'zongoyerekeza, koma kayendedwe kake ndi komwe kamachitika. Kumapeto kwa 2022 mayiyu anakongola K800,000 ku bungwe lina laling'ono lokongoza ndalama, yobweza miyezi isanu ndi umodzi. Miyezi yoyamba anabweza bwinobwino. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mpanda ndi khoma la nyumba yake ku Chilobwe, ndipo ndalama za shopu zinapita kukonzetsa nyumba. Anakhala miyezi inayi osalipira. Mafoni a bungwe lija ankangowayang'ana osayankha, chifukwa cha manyazi komanso chifukwa analibe choti awauze. Zinthu zitayamba kuyenda anakalipira yonse yomwe iye ankaidziwa, n'kutuluka muofesimo mtima uli m'malo. Sanafunse ngati panali chindapusa cha kuchedwa, ndipo sanatenge kalata yotsimikiza kuti wamaliza. Pa akaunti panatsala K45,000.

Patapita zaka ziwiri shopu yakula, ndipo akufuna K6 miliyoni kubanki kuti aonjezere katundu. Wabwera ndi bulubuku ya kapikapu kake komwe pamsika kangagulidwe K9 miliyoni. M'maganizo mwake nkhani yatha, chifukwa chikole chaposa ngongole. Wa kubanki akutsegula lipoti n'kupeza ngongole ya K800,000 yomwe inachedwa masiku oposa 120, ndiponso K45,000 yomwe mpaka lero ikuoneka kuti sinalipidwe. Bungwe lija linaichotsa kale m'mabuku ake ngati ndalama yotayika, koma kuchotsa m'mabuku si kukhululuka. Ndi nkhani ya kawerengedwe ka chuma cha bungwelo basi; mwini ngongole akadali nayo. Mayiyu akudabwa kuti ndalama yosakwana mtengo wa matumba awiri a simenti ingatsekereze bwanji K6 miliyoni. Wa kubanki sakuyang'ana kukula kwa ndalamayo. Akuona munthu amene zinthu zitavuta anasowa.

Apa ndi pamene ndimasiyana maganizo ndi amene amati mbiri ya ngongole imalanga anthu chifukwa cha ngozi zomwe sanaziitane. Zoona, lipoti sililemba kuti kunagwa namondwe. Koma chomwe chinaipitsa mbiri ya mayiyu si madzi a Freddy okha. Akanapita ku bungwelo tsiku lolipira lisanakwane, n'kufotokoza, n'kupempha kuti amusinthire ndondomeko yobwezera, mwina amuchepetsere ya pamwezi n'kutalikitsa nthawi, mpata unalipo woti ngongoleyo isafike pa masiku 90. Wokongoza sakakamizidwa kuvomera, koma ambiri amaona kuti kuli bwino kulandira pang'onopang'ono kusiyana ndi kulipira loya. Pempho lotere limamveka munthu asanayambe kuchedwa. Akabwera patatha miyezi inayi, masiku aja alembedwa kale, ndipo kulipira sikuwafufuta. Kumangosintha mawu kuti ngongoleyo inatha, koma kuchedwako kumaonekabe kwa zaka zingapo.

Nanga galimoto ija bwanji? Banki si okushoni. Phindu lake lili pa chiwongoladzanja cholowa mwezi ndi mwezi, osati pa kugulitsa magalimoto a anthu. Kulanda katundu kumafuna makalata, maloya, nthawi zina khoti ndi masherifu, malo osungira, ndi miyezi yambiri ndalama ili chigonere. N'chifukwa chake wowerengera mtengo wa chikole amalemba mitengo iwiri: wa pamsika, ndi womwe katunduyo angagulidwe atagulitsidwa mwachangu. Banki imayang'ana wachiwiriwo. Kapikapu ka K9 miliyoni kangalembedwe K6.5 miliyoni, ndipo banki siikongoza ndalama yonseyo, chifukwa galimoto imakalamba, imachita ngozi, imatha kubedwa. Imafunanso inshulansi yokwanira yomwe mwini galimoto azilipira yekha, ndipo chikolecho chimalembetsedwa m'kaundula wa katundu wosunthika, yemwe anabwera ndi lamulo la 2013 ndipo ali pansi pa ofesi ya boma ya Registrar General. Kaundulayu ndi amene amaulula ngati galimoto yomweyo inaperekedwa kale chikole kwina.

Za nyumba ndingonenapo pang'ono. Nyumba zambiri ku Ndirande, ku Bangwe kapena ku Mbayani zili ndi kalata ya amfumu ndi pepala logulitsirana basi. Nyumbayo ingakhale ya njerwa zootcha ndi malata atsopano, koma popanda chikalata cha umwini wa malo chomwe banki ingalembetsepo dzina lake ku ofesi ya za malo, kwa banki si chikole.

Tibwerere kwa mayi uja. Wakalipira K45,000, watenga kalata, ndipo banki yavomera kuonanso pempho lake chifukwa masitetimenti a akaunti ya shopu akuonetsa kuti ndalama zimalowa. Koma poti mbiri ili ndi banga, banki yati galimoto payokha siikwanira, abweretse munthu wa pantchito woti amusainire. Taonani chomwe chachitika apa. Banki yaona chiopsezo, ndipo m'malo mochisenza yokha yapempha kuti abwere wina wodzachisenza. Wosainira amafunidwa kwambiri pomwe wokongoza wakayikira. Chokayikitsacho banki ikuchidziwa, wokongola akuchidziwa, koma amene akuitanidwa kudzasenza uja nthawi zambiri sauzidwa.

Mayiyu ali ndi mchimwene wake, mphunzitsi wa sekondale ku Zingwangwa, amene akachotsa msonkho ndi zina amatsala ndi K450,000 pamwezi. Akumuimbira foni madzulo. "Achimwene, akufuna munthu wa pa peyilolo. Mungobwera ndi chitupa ndi mapeyisilipi atatu, mudzangosaina ngati mboni. Galimoto ndaikapo kale, inu sizikukhudzani." Mphunzitsiyo akuyankha kuti, "Chabwino achemwali, ndithawako pa buleki." Mawa lake wafika kubanki nthawi ikumuthera, wapatsidwa mapepala asanu ndi limodzi a Chingerezi cha maloya, wa kubanki waika timitanda ta pensulo pomwe asaine, ndipo pasanathe mphindi khumi ali pa siteji kudikira minibasi. Mchemwali wake sananame mwadala. Iyenso amakhulupirira kuti galimoto ndiyo idzayankhe zonse. Koma mboni imangotsimikiza kuti inaona munthu akusaina. Pepala lomwe mphunzitsiyu wasaina likuti wokongola akalephera, iye adzalipira.

Tiwerengere limodzi. K6 miliyoni kwa miyezi 24, pa chiwongoladzanja cha 3 peresenti pamwezi chowerengera pa ndalama yotsala, imafuna pafupifupi K354,000 mwezi uliwonse, ndipo pomaliza munthu amakhala atabweza K8.5 miliyoni. Chiwongoladzanja chotere si chachilendo masiku ano. Banki Yaikulu yomwe inakweza chake kufika pa 26 peresenti pachaka mu 2024, ndipo mabanki amaonjezapo pamwamba. Funso lomwe mphunzitsiyu anayenera kudzifunsa si lakuti "kodi mchemwali wanga ndi wokhulupirika?" Ndi wokhulupirika ndithu. Funso linali lakuti, "Zitavuta, ine ndingatulutse K354,000 pa K450,000 yanga, ana n'kumadya?" Yankho lake n'lodziwikiratu.

Mayiyu walipira miyezi khumi osaphonya, ndiye kuti watulutsa K3.5 miliyoni ndi kakuti. Iye akuona ngati wadutsa theka. Koma miyezi yoyambirira gawo lalikulu la ndalama yolipira limapita ku chiwongoladzanja, choncho yotsala ndi K4 miliyoni. Kenaka ndalama zakunja zasowa, kumene amaoda katundu akweza mitengo, kontilakitala wina amene anatenga penti pangongole sakulipira, injini ya kapikapu yagogoda ndipo kaimikidwa pa galaja. Mwezi woyamba waphonya. Wachiwiri waphonya. Kwa mchimwene wake sananene kanthu, poti akuyembekeza kuti kontilakitala uja alipira sabata yamawa. Banki ikuimbira foni wokongola, ikulembera makalata wokongola. Pa K4 miliyoni ija chiwongoladzanja chokha chikuonjezera K120,000 mwezi uliwonse. Pakutha pa miyezi isanu ndi umodzi, kuphatikiza zindapusa ndi ndalama za loya, ngongole yafika K5.2 miliyoni. Apa mpamene mphunzitsi akulandira kalata yake yoyamba.

Anthu ambiri amaganiza kuti banki iyenera kuyamba yagulitsa chikole, ndipo ikaperewera ndiye ipite kwa wosainira. Mapepala ambiri omwe osainira amasaina sanena zimenezo. Amapatsa wokongoza ufulu wosankha koyambira, ndipo ena amanena poyera kuti wosainira adzatengedwa ngati mwini ngongole. Tsono ganizirani: mbali iyi kuli galimoto yakufa injini yomwe ikufunika kukokedwa, kusungidwa ndi kulengezedwa m'nyuzipepala, mbali inayo kuli munthu amene malipiro ake amalowa tsiku lodziwika mwezi uliwonse, mwinanso kubanki yomweyo. Chosavuta kugwira chikudziwika. Koma tingoti bankiyi yachita chifundo n'kuyamba ndi galimoto. Pa okushoni yagulidwa K4.2 miliyoni, ndalama zogulitsira zitachotsedwa. K1 miliyoni yotsala yagwera mphunzitsi, ndipo agwirizana kuti azidulidwa K100,000 pamwezi kwa chaka ndithu, poti nayonso ikubereka.

Zikanathera pa ndalama zokha bwenzi zili bwinoko. Mwana wa mphunzitsiyu wasankhidwa kupita ku yunivesite, ndipo bambo akufuna ngongole yawoyawo ya fizi ndi laputopu. Wokongoza aliyense amakhala ndi malire a gawo la malipiro lomwe lingapite ku ngongole. Tinene kuti uyu amalola 40 peresenti, yomwe pa K450,000 ndi K180,000. Koma K100,000 yatengedwa kale ndi ngongole ya mchemwali uja, choncho mpata wotsala ndi K80,000 pamwezi, ndipo ngongole yomwe angapatsidwe yachepa kuposa theka. Izi zili choncho chifukwa iye anavomera kulipira msanga. Akanakana, n'kumati "sindinadye nawo", nkhani ikanapita kukhoti, chigamulo chikanagwera pa dzina lake, ndipo munthu amene sanaphonyepo ngongole yakeyake akanakhala ndi mbiri yoipa kuposa ya mchemwali wake poyamba paja. Ngakhale ngongole ya m'bale ikuyenda bwino, mafomu ambiri amafunsa ngati munasainirapo wina, chifukwa wokongoza amawerengera kuti tsiku lina ingadzagwere inu.

M'masako, mabungwe amene mamembala amasunga ndi kukongozana ndalama, nkhaniyi imaoneka msanga kuposa kubanki. Kumeneko munthu amakongola molingana ndi masheya ndi ndalama zomwe wasunga, ndipo gawo loposa pamenepo amamuimira ndi mamembala anzake. Mukasainira mnzanu, gawo la ndalama zanu limamangidwa mpaka iye atamaliza. Ubwino wake ngwakuti anthu a m'masako amazidziwa zimenezi, chifukwa amaonana pamisonkhano ndipo anaonapo mnzawo akudulidwa. Kubanki aliyense amasaina payekha, n'kudzaphunzira payekha.

Maganizo anga ndi akuti okongoza ndalama akuchita zosakwanira kwa wosainira, ndipo Banki Yaikulu iyenera kuwakakamiza. Choyamba n'chosavuta: mwezi woyamba umene wokongola waphonya, wosainira alandire uthenga pafoni. Nambala yake ali nayo, anailemba pa fomu. Amatha kutitumizira mauthenga otsatsa ngongole za fizi Januwale aliyense, ndiye sangalephere uthenga umodzi wonena kuti ngongole yomwe munasainira yaphonya. Mu nkhani yathuyi, mphunzitsi akanadziwa mwezi woyamba, banja likanakhala pansi ngongole ili K4 miliyoni. Akanapempha banki kuti iwalole kukonzetsa injini n'kupeza okha wogula galimoto pa mtengo wa pamsika, ngongole yonse n'kutha, chenji n'kutsala. Miyezi isanu ndi umodzi ya chinsinsi ndi imene inasandutsa vuto lotheka kukhala K1 miliyoni ya munthu wosalakwa.

Chinanso, wosainira aonetsedwe chifukwa chomwe akufunidwira. Amabanki adzati mbiri ya kasitomala ndi chinsinsi, ndipo akunena zoona. Koma chinsinsicho mwini wake ndi wokongola, ndipo angathe kuvomera kuti chionetsedwe, monga momwe amavomerera pa fomu kuti banki ikafunse ku CRB. Amene akupempha m'bale wake kuti aike malipiro ake pangozi sangakane kumuonetsa tsamba limodzi la momwe anabwezera kale. Ndipo tsamba lina, lolembedwa m'Chichewa, linene zinthu zomwe munthu angamve ali chiimire: ndalama yochuluka kwambiri yomwe angadzafunsidwe, ya pamwezi, ndi kuti banki ingabwere kwa iye isanagulitse chikole.

Ndikudziwa chomwe ena adzanene, ndipo si chopanda nzeru. Osainira akamaona zonsezi ambiri adzakana, ndipo amene adzavutike ndi anthu omwe alibe nyumba ya mapepala kapena galimoto, amene m'bale wa pantchito ndiye khomo lawo lokhalo. Akakanidwa kubanki sapita kunyumba kukagona, amapita kwa akatapila, kumene chiwongoladzanja cha mwezi umodzi chimaposa cha chaka chonse kubanki, ndipo chikole chake ndi khadi la ku ATM ndi nambala yake yachinsinsi. Mantha amenewa ndi oona. Komabe ngongole yomwe ikutheka kokha chifukwa chakuti wosainira sakudziwa chomwe akusaina si thandizo kwa osauka. Yangosamutsa chiopsezo kuchoka kwa banki, yomwe ili ndi maloya ndi akatswiri owerengera, kupita kwa mphunzitsi. Ndiponso sindikhulupirira kuti onse angakane. Ambiri angavomere, koma pa ndalama yomwe angaikwanitse. Mphunzitsi wathu akanatha kunena kuti, "Achemwali, K6 miliyoni yandikulira. Ndikuimirani pa K1.5 miliyoni, ndipo alembe choncho." Kusainira kokhala ndi malire kulipo, ndipo wokongoza angavomere kapena kupempha osainira awiri. Anthu sapempha chifukwa sadziwa kuti n'zotheka.

Pali mbali ina yomwe otsutsa ali ndi mfundo yomwe sindingaigwetse. Mbiri ya ngongole imaona zokhazo zomwe zadutsa m'mabungwe ovomerezeka. Mayi amene wakhala zaka zisanu ndi zitatu mu banki m'khonde ku Chirimba, kukongola ndi kubweza osaphonya, akafika kubanki lipoti lake limatuluka lopanda kanthu, ndipo munthu wopanda mbiri amafunsidwa chikole ndi wosainira ngati yemwe ali ndi banga. Kukhulupirika kwake kuli mu kope la mlembi wa gulu, lomwe banki siliwerenga. Mpaka njira yolowetsa makope amenewo itapezeka, chomwe munthu wotere angachite ndi kudzipangira mbiri mwadala: kudutsitsa ndalama za bizinesi mu akaunti m'malo mozisunga m'chikwama, kutenga ngongole yaing'ono kumene amatumiza malipoti, n'kuibweza pa tsiku lake. Zikumveka zopusa kulipira chiwongoladzanja pa ndalama yomwe sukuifuna kwenikweni, koma K300,000 yobwezedwa bwino imachepetsa zomwe adzafunsidwe pa K3 miliyoni.

Malipoti amalakwikanso, ndipo izi siziyenera kubisidwa. Ngongole yomwe inatha imatha kumaonekabe ngati ilipo chifukwa wina sanatumize zosintha. Pali vuto lina lomwe apantchito amalidziwa: abwana adula ndalama ya ngongole pa malipiro, peyisilipi ikuonetsa, koma atumiza kwa wokongoza patatha miyezi iwiri. Kumeneko wochedwa ndi wantchito, osati kampani. Lamulo limapatsa munthu ufulu woona zomwe zalembedwa pa dzina lake ndi kutsutsa zolakwika, ndipo CRB imabwerera kwa amene anatumiza kuti atsimikize kapena akonze. Zimenezi zimatenga nthawi, choncho lipoti muzilitenga mwezi umodzi kapena iwiri musanapemphe ngongole, osati mutakanidwa kale. Umboni womwe umagwira ntchito ndi mapepala: malisiti, mapeyisilipi, kalata yomaliza ngongole. Mawu akuti "ndinalipira, funsani mtsikana wa pa kauntala uja" safika patali, poti mtsikanayo anasiya ntchito chaka chatha.

Chomaliza chomwe osainira ambiri amagwa nacho ndi ngongole yoonjezera. Wokongola akalipira bwino chaka chimodzi, banki imamuimbira kuti angathe kutenga ina pamwamba. Mapepala ena a wosainira samangirira pa ngongole imodzi. Amati mukuimira ndalama zonse zomwe munthuyu ali nazo kapena adzakhale nazo kubankiyo, mpaka mutalemba kalata yodzichotsa. Munthu amasainira K2 miliyoni, n'kumawerengera kuti pofika Disembala yatha, osadziwa kuti mu Ogasiti inaonjezedwa kufika K5 miliyoni. Musanasaine, funsani kuti akuonetseni pamene palembedwa nambala ya ngongoleyo ndi kuchuluka kwake, ndipo ngati palibe, aziike. Tengani kope la zomwe mwasaina. Ambiri amatuluka chimanjamanja. Kudzichotsa pakati pa ulendo sikumasula munthu ku ndalama yomwe yatengedwa kale, kumangotseka zatsopano.

Ngongole ikatha, wokongola atenge kalata yake yomaliza, chikole chichotsedwe m'kaundula, bulubuku ibwerere, ndipo wosainira naye apemphe kalata yakeyake yomumasula. Ngati inu wosainira ndi amene mwalipira, lamulo limakulolani kukafuna ndalama zanu kwa mwini ngongole, ndiye malisiti alembedwe m'dzina lanu. Ndi ochepa amene amatengera mchemwali wawo kukhoti pa K1 miliyoni, ndipo nkhani zotere zimakathera kwa amalume, kumene pepala lokhala ndi deti ndi chidindo cha banki limafupikitsa mkangano wa kuti analipira ndani, zingati.